Bowo la ozoni si limene likutenthetsa dziko

Pali yankho lina limene ndimakumana nalo pafupifupi nthawi iliyonse ndikamachonga mayeso a Fomu 3 ndi Fomu 4. Funso limakhala lakuti wophunzira afotokoze chimene chikuchititsa kuti dziko lizitentha kwambiri, ndipo yankho limabwera motere: utsi wa magalimoto ndi mafakitale waboola ozoni, ndiye dzuwa likulowera pabowopo n'kumatiwotcha. Amene amalemba zimenezi si ana aulesi ayi. Nthawi zambiri amakhala amene amawerenga ndithu, ndipo yankho lawolo limamveka lanzeru, chifukwa tonse timadziwa kuti denga likabooka, dzuwa ndi mvula zimalowa m'nyumba. Koma yankholi ndi lolakwa, ndipo kulakwa kwake si kwapang'ono. Lasakaniza nkhani ziwiri zosiyana, zochitikira pamalo osiyana mumlengalenga, zoyambitsidwa ndi mipweya yosiyana, komanso zokhudza cheza chamitundu yosiyana.

Ngati pali chinthu chimodzi choti mugwire m'nkhani yonseyi, n'chakuti muzidzifunsa kumene cheza chikulowera. Nkhani ya ozoni, mpweya wina wa kutali kumwamba, ndi ya cheza chimene chikutsika kuchokera ku dzuwa. Nkhani ya girinihausi ndi ya kutentha kumene kukukwera kuchokera panthaka, kufuna kutuluka. Ozoni ali ngati sefa, pamene mipweya ya girinihausi ili ngati bulangete. Sefa akang'ambika, madeya amagwera mu ufa. Bulangete likakhuthala, munthu amatuluka thukuta. Palibe amene amatuluka thukuta usiku chifukwa chakuti sefa wa kukhitchini wang'ambika.

Tiyambe ndi bulangete

Ganizirani za usiku wa mwezi wa Juni ku Dedza kapena ku Mzimba. Kumwamba kukayera mbee, nyenyezi zili ngwee, mumadziwiratu kuti kucha kozizira kwambiri, mwina mpaka chisanu kuwaula masamba a mbatata ndi tomato kudimba. Koma usiku wa mwezi womwewo kukakhala mitambo, kuzizira kwake sikufika pamenepo. Dzuwa linalowa kale masiku awiri onsewo, ndiye kusiyanaku sikungachokere kwa ilo. Kukuchokera pa zimene zikuchitikira kutentha kumene nthaka inamwa masana.

Chinthu chilichonse chofunda chimatulutsa cheza, ngakhale maso athu asachione. Mukaima pafupi ndi khoma la njerwa limene lawombedwa ndi dzuwa tsiku lonse, madzulo mumamva kutentha kumaso ngakhale simunaligwire. N'chimodzimodzi ndi mbaula imene makala ake azima koma ikadali yotentha. Cheza chosaoneka chimenechi dzina lake ndi infuraredi. Dziko lapansi limalandira mphamvu ya dzuwa makamaka ngati kuwala kooneka ndi cheza china choyandikana nako, ndipo limaibweza kumwamba ngati infuraredi. Tikagawa mphamvu ya dzuwa mofanana padziko lonse, usana ndi usiku womwe, malo aliwonse a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi amalandira mawati pafupifupi 340. Mwa amenewa, pafupifupi 100 amabwezedwa nthawi yomweyo ndi mitambo, madzi oundana ndi zinthu zina zoyera, ngati mmene malata atsopano amathwanimira. Otsalawo, pafupifupi 240, amamwedwa ndi nthaka, nyanja ndi mpweya. Kuti dziko lisamangotenthera tsiku ndi tsiku, liyenera kubwezanso mawati 240 omwewo kumwamba.

Apa ndi pamene mpweya umalowerera. Mpweya umene timapuma, magawo 78 mwa 100 ndi naitirojeni ndipo magawo 21 ndi okosijeni. Mipweya iwiriyi siigwira infuraredi, imangomusiya adutse. Koma pali mipweya ina yochepa kwambiri imene imamugwira: nthunzi ya madzi, kaboni dayokisaidi, metheni ndi naitirasi okisaidi. Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka mamolekyu awo. Molekyu ya naitirojeni kapena ya okosijeni ili ndi maatomu awiri ofanana, pamene ya kaboni dayokisaidi, CO2, ndi ya madzi, H2O, zili ndi maatomu atatu, ndipo zimatha kupindika ndi kunjenjemera m'njira imene imagwirizana ndi cheza cha infuraredi. Molekyu yotere ikamwa infuraredi wochokera pansi, mpweya wozungulira umafunda, ndipo mpweya wofundawo umatulutsanso infuraredi mbali zonse. Wina amapita kumwamba, wina amabwerera pansi. Motero nthaka imalandira kutentha kawiri, kuchokera ku dzuwa komanso kuchokera kumpweya umene uli pamwamba pake. Mitambo ya usiku wa Juni uja imachita zomwezi, ndipo imazichita mwamphamvu moti khungu lanu limamva kusiyanako.

Zimenezi ndiye zimatchedwa girinihausi, ndipo pazokha si vuto ayi. Popanda mipweya imeneyi, kutentha kwapakatikati kwa dziko lonse kukanakhala pafupifupi madigiri 18 pansi pa ziro. M'malo mwake kuli pafupifupi madigiri 15 pamwamba pa ziro. Kusiyana kwa madigiri 33 kumeneku ndi kumene kumachititsa kuti nyanja zisaundane ndipo chimanga chimere. Wophunzira akalemba kuti girinihausi ndi chinthu choipa chimene anthu anayambitsa, amatayanso malikisi. Chimene anthu achita ndi kukhuthalitsa bulangete limene linalipo kale.

Asayansi anazidziwa zimenezi kalekale, wina aliyense asanalotepo za bowo la ozoni. Mu 1856, Eunice Foote wa ku America anaika mipweya yosiyanasiyana m'mabotolo agalasi padzuwa n'kuona kuti la kaboni dayokisaidi linatentha kuposa ena. Mu 1859, John Tyndall anayeza mosamala mmene nthunzi ya madzi ndi kaboni dayokisaidi zimagwirira infuraredi. Mu 1896, Svante Arrhenius wa ku Sweden anawerengera mmene dziko lingatenthere mpweyawu utachuluka kawiri. Mafakitale asanayambe kutentha malasha ambiri, mwa mamolekyu miliyoni imodzi a mpweya, pafupifupi 280 anali a kaboni dayokisaidi. Pamene Charles Keeling anayamba kuyeza paphiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958, anapeza pafupifupi 315. Lero apitirira 420. Kuwonjezekaku kwachokera pa kutentha malasha, petulo, dizilo ndi gasi, kupanga simenti, ndi kudula ndi kuwotcha nkhalango.

Wophunzira wina anandifunsapo m'kalasi kuti, "Aphunzitsi, zinthu 420 mwa miliyoni si zochepetsetsa? Zingatenthetse bwanji dziko lonse?" Funso labwino kwambiri. Ndinatenga botolo la madzi oyera n'kudonthezamo kadontho kamodzi ka inki ya cholembera. Madzi onse anasintha mtundu, ndipo kuwala kodutsamo kunachepa. Madziwo sagwira kuwala, ndiye ngakhale achuluke bwanji, amene akugwira ntchito yotchinga ndi inki yochepayo. Mumpweya, naitirojeni ndi okosijeni ndiwo madzi aja, kaboni dayokisaidi ndiye inki. Kuchoka pa 280 kufika pa 420 ndi kuwonjezera theka lina la inkiyo. Zikatero infuraredi amavutika kutuluka, mphamvu yolowa imaposa yotuluka pang'ono, ndipo nthaka ndi nyanja zimafunda mpaka zitayamba kutulutsa yokwanira kufanana ndi yolowayo. M'zaka za 2011 mpaka 2020 dziko linali lofunda ndi pafupifupi madigiri 1.1 poyerekeza ndi zaka za 1850 mpaka 1900. Ndipo mpweya ukafunda ndi digiri imodzi umatha kunyamula nthunzi ya madzi yochuluka ndi pafupifupi magawo 7 mwa 100, nthunziyo n'kukhuthalitsanso bulangete, komanso kupereka madzi ambiri kwa mvula yamkuntho ikabwera.

Onani kuti m'zonse ndafotokozazi, bowo silinatchulidwe paliponse. Dzuwa likulowa monga mwa kale. Chasintha ndi potulukira.

Dzina lakuti girinihausi nalo limasokoneza pang'ono. Linachokera ku nyumba zagalasi kapena zapulasitiki zolimiramo tomato ndi maluwa. Nyumba zimenezo zimafunda makamaka chifukwa chakuti pulasitiki amatsekera mpweya wotentha kuti usakwere n'kuuluzika ndi mphepo. Kumwamba kulibe denga lotero. Dzinalo linangozolowereka, koma kagwiridwe kake ka ntchito n'kosiyana, ndipo mwina ndi dzina lomweli limene limachititsa ana kuganiza za denga lobooka.

Tsopano sefa

Ozoni ndi okosijeni yemweyo, kungoti maatomu ake alumikizana atatu, O3, m'malo mwa awiri, O2. Wambiri amapezeka kutali kumwamba, pakati pa makilomita 15 ndi 35 kuchokera pansi, m'chigawo chotchedwa sitiratosifiya. Phiri la Mulanje ndi lalitali makilomita atatu okha, ndipo mitambo yamvula ndi nyengo yathu yonse zimachitikira m'chigawo chapansi, toroposifiya. Choncho ozoni ali pamwamba pa zonse zimenezi. Amapangika yekha: cheza champhamvu cha dzuwa chimang'amba O2 kukhala maatomu awiri, ndipo atomu iliyonse imakalumikizana ndi O2 ina n'kupanga O3. Amapangika ndi kuwonongeka nthawi zonse, koma mwachilengedwe ziwirizi zimayenderana.

Mawu akuti chophimba cha ozoni amapatsa munthu chithunzi cha chinthu cholimba ngati lata, koma ndi mpweya wochepa kwambiri womwazikana m'makilomita ambiri. Mutasonkhanitsa ozoni yense amene ali pamwamba pa mutu wanu n'kumutsitsa pansi pano, pa kukanikiza kwa mpweya wa m'mphepete mwa nyanja yamchere ndi kuzizira kwa madigiri ziro, angapange kansalu kokhuthala mamilimita atatu okha. Asayansi amayeza kuchuluka kwake m'mayunitsi a Dobson, ndipo mamilimita atatuwo ndi mayunitsi 300.

Ntchito ya kansalu kameneka ndi kusefa cheza cha UV, chimenenso maso sachiona, koma chili mbali ina ya kuwala, kutali ndi infuraredi. Infuraredi ndi wofooka, amangofunditsa. UV ndi wamphamvu moti amatha kuthyola mamolekyu a m'maselo a thupi. Alipo wamitundu itatu. UV-C, woopsa kwambiri, amathera kumwamba konko. UV-B amasefedwa wambiri, wochepa n'kufika pansi. UV-A amadutsa pafupifupi yense. Ozoni akachepa, amene amachuluka pansi ndi UV-B, ndipo zotsatira zake ndi kupsa kwa khungu, khansa yapakhungu, ng'ala m'maso, kuwonongeka kwa mbewu zina ndi tizamoyo ting'onoting'ono ta m'nyanja timene nsomba zimadya. Kusefukira kwa madzi, chilala ndi kusungunuka kwa madzi oundana sizili pamndandanda umenewu.

Chimene chinawononga ozoni si utsi wa minibasi kapena wa uvuni wa njerwa. Ndi mankhwala opangidwa m'mafakitale otchedwa ma CFC, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1930 m'mafiriji, kenako m'makina oziziritsa m'nyumba, m'zitini zopopera ndi popanga masiponji. Ankaoneka abwino kwambiri chifukwa sayaka, alibe poizoni, ndipo sagwirizana ndi chinthu china chilichonse. Koma ubwino womwewo ndiwo unakhala vuto. Mvula siwatsuka, nthaka siwaoletsa, ndiye amakhala mumpweya zaka 50 mpaka 100, n'kumayendayenda mpaka kufika ku sitiratosifiya. Kumeneko UV amawang'amba, atomu ya kolorini n'kumasuka. Ikamasuka imachita izi:

```
Cl + O3 → ClO + O2
ClO + O → Cl + O2
```

Yang'anitsitsani mizere iwiriyi. Kolorini walowa pamzere woyamba, ndipo watuluka pamzere wachiwiri ali bwinobwino, wokonzeka kuyambiranso. Sakutha. N'chifukwa chake atomu imodzi ya kolorini imatha kuwononga mamolekyu a ozoni zikwizikwi isanachotsedwe kumwambako. Mario Molina ndi Sherwood Rowland ndiwo anachenjeza za zimenezi mu 1974, ndipo mu 1995 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Paul Crutzen.

Mu 1985, asayansi atatu a ku Britain, Joe Farman, Brian Gardiner ndi Jonathan Shanklin, analengeza kuti muyeso wa pa siteshoni ya Halley ku Antarctica, kummwera kwenikweni kwa dziko lapansi, ukusonyeza kuti ozoni wa mwezi wa Okutobala watsika kwambiri poyerekeza ndi zaka zam'mbuyo. Apa ndi pamene mawu akuti bowo anayambira. Si bowo lenileni loti mungaponyemo mwala. Ndi dera limene ozoni watsika pansi pa mayunitsi 220 a Dobson. M'zaka zimene linakula kwambiri, monga 2000 ndi 2006, deralo linatsala pang'ono kufanana ndi kukula kwa Africa yense.

Nanga bwanji ku Antarctica, kumene kulibe mizinda kapena mafakitale? M'nyengo yozizira ya kumeneko dzuwa silituluka kwa miyezi ingapo, ndipo mphepo yamphamvu imazungulira dera lonselo, kutsekera mpweya wa m'kati kuti usasakanikirane ndi wakunja. Sitiratosifiya amazizira kupitirira madigiri 78 pansi pa ziro, ndipo pamapangika mitambo yapadera ya tizidutswa toundana. Pamwamba pa tizidutswa timeneti, kolorini amene anali womangika m'mamolekyu osavulaza amasinthidwa kukhala wosavuta kumasuka. Dzuwa likangobwerera mu Ogasiti ndi Seputembala, kuwala kumamumasula yense nthawi imodzi, ndipo ozoni amatha mofulumira m'milungu yochepa. Pofika Novembala kapena Disembala mphepo yozungulira ija imasweka, mpweya wa ozoni wambiri umalowa kuchokera kumpoto, bowo n'kutsekeka mpaka chaka chamawa. Taonani zodabwitsa zake: bowo la ozoni limafuna kuzizira koopsa kuti lipangike.

Chifukwa chake bowo silingakhale gwero la kutenthaku

Ndikudziwa kuti wina akuganizabe kuti, chabwino, koma UV wowonjezerayo akalowa, si ndiye kuti wabweretsa kutentha? Tiwerengere. UV yense pamodzi safika magawo 10 mwa 100 a mphamvu ya dzuwa, ndipo wambiri mwa iye ndi UV-A amene amadutsa kale, ozoni akhalepo kapena asakhalepo. UV-B amene ozoni amasefa ndi kachigawo kakang'ono zedi. Kuopsa kwake kuli ngati kwa singano: imabaya, koma siilemera. Kuwonjezera apo, bowo limatseguka pamalo pamene dzuwa lili pansipansi, pamwamba pa madzi oundana oyera amene amabweza kuwala kwambiri. Ndiponso ozoni mwini wake amagwira infuraredi, kotero akachepa kumwamba, bulangete limapepukako pang'ono. Asayansi akaphatikiza zonsezi amapeza kuti kuchepa kwa ozoni wa ku sitiratosifiya kwaziziritsako dziko pang'ono, osati kulitenthetsa.

Mungathenso kuona ndi malo ndi nthawi. Bowo likanakhala gwero, kumene kukanatentha mofulumira ndi ku Antarctica. Koma dera limene likutentha mofulumira kuposa onse ndi la Arctic, kumpoto kwenikweni, mbali inayo ya dziko. Ndipo kolorini wa kumwamba wakhala akuchepa kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ozoni wayamba kubwerera pang'onopang'ono, koma 2023 ndi 2024 ndi zaka zimene zinaposa zonse zam'mbuyo pa kutentha chiyambire kulemba muyeso. Sefa akusokedwa, thukuta likuwonjezeka.

Kwathu kuno pali chinanso chimene chimanamiza anthu. Bowo limakula kwambiri mu Seputembala ndi Okutobala, ndipo Okutobala ndi mwezi umene ku Nsanje ndi ku Chikwawa kumatentha mpaka madigiri 40, anthu kumagona pakhonde. N'zosavuta kulumikiza ziwirizi, koma zangokumana pa kalendala chifukwa zonse zimatsatira kubwerera kwa dzuwa kummwera. Kwa ife dzuwa limakhala paliwombo, mitambo kulibe, nthaka ndi youma gwa, mvula isanayambe. Agogo athu ankaudziwa mwezi umenewu ngati wotentha ma CFC asanapangidwe. Bowolo lili makilomita zikwi zingapo kummwera kwathu, ndipo anthu amene nthawi zina limawadutsa pamutu ndi a kunsonga ya South America, m'mizinda ngati Punta Arenas ndi Ushuaia. Zoona, UV wa kuno ndi wamphamvu, koma chifukwa chake n'chakuti tili pafupi ndi ikweta, kumene dzuwa limawomba molunjika ndipo ozoni ndi wopyapyala mwachilengedwe. Abale athu achialubino amafunika zipewa zazikulu, zovala zamanja aatali ndi mafuta oteteza khungu tsiku lililonse la chaka, kaya bowo latseguka kaya latsekeka.

Firiji yakale ndi thumba la makala

Kusokonezaku kuli ndi pogwira pake, chifukwa nkhani ziwirizi zimakhudzana m'malo ochepa. Njira yabwino yozionera ndi kutenga zinthu ziwiri za m'nyumba imodzi.

Tinene kuti pakhomo pali firiji yakalekale. Kumbuyo kwake, pakachitsulo kapena kapepala komata pa kompuresa, palembedwa `R12`. Ameneyu ndi CFC. Tiyerekeze kuti muli magalamu 150 a gasi, ndipo paipi yabooka, gasi yense n'kuthawa. Pakhomo pomwepo banja latentha thumba la makala lolemera makilogalamu 30.

Tiyambe ndi makala. Tiyerekeze kuti magawo atatu mwa anayi a makalawo ndi kaboni, ndiye kuti makilogalamu 22.5. Kaboni akapsa amalumikizana ndi okosijeni. Atomu ya kaboni imalemera 12 ndipo molekyu ya CO2 imalemera 44, choncho kilogalamu iliyonse ya kaboni imabereka makilogalamu 44 kugawa ndi 12, omwe ndi pafupifupi 3.67. Tikachulukitsa 22.5 ndi 3.67 tipeza makilogalamu pafupifupi 83 a kaboni dayokisaidi, osawerengera utsi umene unatuluka powotcha uvuni kunkhalango. Kodi mwa zonsezi muli kolorini woti akafike ku sitiratosifiya n'kukadya ozoni? Ayi. Makala akhuthalitsa bulangete, koma sefa sanamukhudze. N'chimodzimodzi ndi petulo, amene lita imodzi imatulutsa pafupifupi makilogalamu 2.3 a kaboni dayokisaidi.

Tsopano firiji. Gasi wa `R12` ali ndi kolorini, ndiye adzakwera n'kukawononga ozoni kwa zaka zambiri. Koma molekyu yake imagwiranso infuraredi mwamphamvu zedi: pa zaka 100, kilogalamu imodzi imatenthetsa mofanana ndi makilogalamu opitirira 10,000 a kaboni dayokisaidi. Magalamu 150 aja ndi makilogalamu 0.15, ndipo tikachulukitsa ndi 10,000 tipeza makilogalamu 1,500. Tigawe 1,500 ndi 83: kagasi ka m'firiji imodzi kafanana ndi matumba a makala pafupifupi 18. Firijiyo yachita zoipa ziwiri, koma m'njira ziwiri zosadalirana. Yang'amba sefa ndi kolorini wake, ndipo yakhuthalitsa bulangete ndi molekyu yake yonse. Sikuti yatenthetsa dziko kudzera pabowo.

Firiji ina mungapeze palembedwa `R134a`. Ameneyu ali m'gulu la ma HFC, amene analowa m'malo mwa ma CFC. Alibe kolorini, ndiye ozoni samukhudza, koma amatenthetsa kuposa kaboni dayokisaidi maulendo opitirira 1,000. Mafiriji ambiri atsopano alembedwa `R600a`, gasi amene sawononga ozoni ndipo kutenthetsa kwake n'kochepa kwambiri, kungoti amayaka, choncho wokonza mafiriji ayenera kusamala ndi moto powotcherera mapaipi. Mukafika kunyumba, suzumirani kumbuyo kwa firiji iliyonse imene mungaipeze. Kachizindikiro kameneko kakuuzani mbali imene firijiyo ili m'mbiri yonseyi.

Mipweya ina iwiri imayendanso mbali zonse. Naitirasi okisaidi, amene wambiri wobwera ndi zochita za anthu amachokera m'nthaka yothiridwa feteleza ndi manyowa, amagwira infuraredi komanso amawononga ozoni akafika kumwamba. Ndipo ozoni amene amapangika pansi pano, utsi wa magalimoto ukawombedwa ndi dzuwa, satiteteza ku chilichonse: amapweteka mapapo, amawononga mbewu, ndipo ndi mpweya wa girinihausi.

Mapangano ake nawonso ndi osiyana, ndipo pamayeso ambiri amawasinthanitsa. La ozoni ndi pangano la ku Montreal la 1987, limene mayiko onse a dziko lapansi analivomereza. Linaletsa ma CFC ndi mankhwala ena onga iwo. Mmodzi mwa mankhwalawo ndi methilo buromaidi, amene alimi a fodya m'Malawi ankafukizira nthaka ya nazale pofuna kupha tizilombo ndi udzu, mpaka anasiyidwa m'zaka zoyambirira za m'ma 2000. Mu 2016, ku Kigali m'dziko la Rwanda, mayiko anawonjezera ma HFC m'pangano lomwelo, ngakhale vuto lawo ndi la kutentha osati la ozoni. Malipoti a asayansi a 2022 akusonyeza kuti zinthu zikapitirira chonchi, ozoni adzabwerera pa mlingo wa 1980 cha m'ma 2040 m'madera ambiri, ndipo ku Antarctica cha m'ma 2066. Kuchedwaku n'chifukwa cha moyo wautali wa ma CFC amene ali kale kumwamba. Mapangano a kutentha kwa dziko ndi la ku Kyoto la 1997 ndi la ku Paris la 2015, ndipo amenewa akuyenda movutikira. Ma CFC ankapangidwa ndi makampani owerengeka ndipo mankhwala olowa m'malo anapezeka msanga, pamene kaboni dayokisaidi amatuluka paliponse pamene pali moto, injini, simenti kapena magetsi a malasha.

Ndiye mukakumana ndi funso pa MSCE, yambani mwaona chimene chatchulidwa. Likanena za khansa yapakhungu, ng'ala, UV, kolorini, mafiriji akale kapena Montreal, muli ku sitiratosifiya, ndipo yankho lanu litsate cheza chotsika. Likanena za kukwera kwa nyanja zamchere, chilala, mvula yosadalirika, malasha, kudula mitengo, ng'ombe ndi minda ya mpunga zotulutsa metheni, muli m'chigawo chapansi, ndipo yankho litsate kutentha kofuna kutuluka. Mtsikana wina wa Fomu 4 amene poyamba analemba za dzuwa lolowera pabowo anabwereza yankho lake sabata yotsatira, ndipo ndinalikopera m'kope langa: "Dzuwa limatenthetsa nthaka, nthaka imatulutsa infuraredi, kaboni dayokisaidi ndi metheni zimagwira infurarediyo n'kubweza wina pansi. Mipweyayi ikachuluka, kutentha kotuluka kumachepa, ndiye dziko limafunda." Mawu akuti ozoni sanawalembemo n'komwe, ndipo anapeza malikisi onse.